Phazi Likaponda, Liponde Ndithu: Mmene Opanga Magemu Amakhazikira Mapazi pa Nthaka Yosasalala

Tsiku lina mukadzakhala mukusewera gemu ya pa kompyuta kapena pa foni momwe munthu amayenda m'mapiri ndi m'mabwinja, mudzamuimike chammbali pa masitepe, phazi lina pa sitepe yam'mwamba, lina pa yam'munsi, kenako mudzayang'ane kumapazi. M'magemu ena mudzaona bondo limodzi litapindika, chiuno chitatsika pang'ono, mapazi onse awiri ataponda bwinobwino. M'magemu ena mudzapeza phazi limodzi likulendewera m'malere, kapena litamira m'simenti mpaka m'kakolo. Munthuyo akayamba kuyenda, mapazi ake nthawi zina amaterereka ngakhale pamalo pouma.

Kusiyanaku kumachokera ku masamu otchedwa inivesi kainematikisi, amene pa sikirini ya opanga magemu amangolembedwa kuti IK. Si luso la dzulodzuloli. Gemu ya The Legend of Zelda: Ocarina of Time, yomwe inatuluka mu 1998 pa makina a Nintendo 64, inali kale ndi mnyamata amene miyendo yake inkapindika motsatira chitunda chomwe waimapo. Masiku ano mapulogalamu opangira magemu monga Unity ndi Unreal Engine amabwera ndi masamuwa okonzeratu. Komabe ophunzira ambiri akawayatsa amapeza mapazi akunjenjemera ndi mawondo akuthyokera kumbuyo. Chifukwa chake n'chakuti masamu opinda bondo ndi gawo laling'ono chabe la ntchitoyi. Gawo lalikulu ndi kusankha malo enieni amene phazi liyenera kuponda, ndi kuchita zinthu motsatana bwino: kufufuza nthaka, kutsitsa chiuno, kupinda bondo, kupendeketsa phazi, kenako kuligwira kuti lisasunthe.

Chimene chimayandamitsa mapazi

M'kati mwa munthu wa m'gemu muli mafupa osaoneka, olumikizana motsatana. Chiuno chimanyamula ntchafu, ntchafu imanyamula msongolo, msongolo umanyamula phazi. Khungu ndi zovala zimene timaona zimangotsatira mafupawo. Kayendedwe ka mafupa kamakonzedwa gemu isanatuluke: katswiri amakapanga pamanja mu pulogalamu ngati Blender, kapena amajambula munthu weniweni atavala timipira towala m'thupi. Njira zonsezi zimachitikira pansi posalala. Zimene zimasungidwa ndi makona a mfundo iliyonse pa kamphindi kalikonse: ntchafu ipendekeke mwakuti, bondo lipindike mwakuti. Kompyuta imayambira m'chiuno, n'kumatsika mfundo ndi mfundo, ndipo phazi limakathera paliponse pamene makonawo alifikitsa. Silidziwa kuti pansi pali mwala kapena dzenje.

Chinanso n'chakuti gemu siigwiritsa ntchito miyendo pofuna kudziwa pamene munthu waima. Munthu yense amavindikiridwa ndi chinthu chosaoneka chooneka ngati kapisozi woimirira, ndipo kapisoziyo ndi amene amagunda makoma, kukwera masitepe ndi kutsamira pansi. Pansi pa kapisozi pali malo amodzi amene tiwatche tsinde, ndipo kayendedwe konse kamaseweredwa ngati kuti nthaka yonse ili pa msinkhu wa tsindelo. Pa bwalo la mpira zimenezi sizivuta chifukwa bwalo ndi losalala. Pa phiri, nthaka ya pansi pa phazi lamanzere ikhoza kukhala pamwamba pa tsinde, ya pansi pa lamanja n'kukhala pansi pake.

IK imawerengera chobwerera. M'malo mofunsa kuti makona akuti afikitsa phazi pati, imafunsa kuti phazi likaponda pano, ntchafu ndi bondo zipindike motani. Thupi lathu limachita zomwezo tsiku ndi tsiku. Taimani phazi limodzi pa khonde, lina pabwalo. Simuganiza za makona, mumangosankha poponda. Koma mukadziyang'ana muona kuti mwendo wa pabwalo wawongoka, chiuno chatsika kutsatira mwendo umenewo, ndipo bondo la pa khonde lapindikira kutsogolo. Zinthu zitatu zimenezi ndi zomwe kompyuta iyenera kuphunzitsidwa.

Kuti nkhani isayandame, titenge mlenje wa m'gemu wamtali pafupifupi masentimita 180. Ntchafu yake ndi masentimita 45, msongolo 42, choncho mwendo ukawongoka kwathunthu umafika masentimita 87 kuchokera m'chiuno kufika m'kakolo. Akaima pamalo osalala mawondo ake amakhala opindika pang'ono, ndipo mtundawo umakhala 85. Tsopano waima pa thanthwe lopendekeka. Pansi pa phazi lamanzere nthaka yakwera masentimita 12 kuposa tsinde, pansi pa lamanja yatsika masentimita 8.

Choyamba: kufufuza nthaka

Kompyuta imadziwa msinkhu wa nthaka poponya mzere wosaoneka wolunjika pansi, n'kufunsa kuti wagunda chiyani ndipo wagunda pati. Mu Unity lamulo lake ndi Physics.Raycast. Mzerewu suyambira pa phazi penipeni. Phazi lamanzere la mlenje wathu lili kale m'kati mwa thanthwe, ndipo mzere woyambira m'kati mwa chinthu nthawi zambiri suchiona chinthucho. Choncho timayambira chapamwamba, tinene masentimita 50 pamwamba pa phazi, n'kuupatsa utali wa mita imodzi kuti ufufuzenso masentimita 50 pansi pake.

Mu Unity zimenezi zimafuna mafupa a mtundu wa Humanoid ndi kuchonga kabokosi ka IK Pass pa gawo la kayendedwe mu Animator. Mukaiwala kabokosiko, zimene mwalemba siziitanidwa n'komwe, ndipo palibe uthenga wokuchenjezani. Nayi mizere ya phazi limodzi, poganizira kuti Unity imayeza ndi mamita:

```csharp
void OnAnimatorIK(int layerIndex)
{
    Vector3 p = anim.GetIKPosition(AvatarIKGoal.LeftFoot);
    if (Physics.Raycast(p + Vector3.up * 0.5f, Vector3.down,
                        out RaycastHit hit, 1.0f, groundMask))
    {
        float dy = hit.point.y - transform.position.y;
        anim.SetIKPositionWeight(AvatarIKGoal.LeftFoot, 1f);
        anim.SetIKPosition(AvatarIKGoal.LeftFoot, p + Vector3.up * dy);
    }
}
```

Nzeru yaikulu ili pa dy. Sititenga phazi n'kuliika pamene mzere wagunda. Timawerengera kuti nthaka yasiyana bwanji ndi tsinde, n'kuwonjezera kusiyanako pa msinkhu umene phazi linali nawo kale. Ubwino wake uli pawiri. Choyamba, mfundo imene timasuntha nthawi zambiri ili cha m'kakolo, ndipo kakolo amakhala masentimita angapo pamwamba pa nthaka. Mukamuika pa nthaka penipeni, nsapato yonse imamira. Chachiwiri, poyenda phazi limanyamuka. Ngati kayendedwe kanalinyamula masentimita 10, ndipo nthaka yakwera 12, phazi likhala pa 22, likunyamukabe monga kale. Amene amakakamiza phazi kukhala pa nthaka nthawi zonse amapeza munthu wawo akukhwekhwereza mapazi, osawadzutsa.

Mawu akuti groundMask ndi mndandanda wa zinthu zimene mzere ukuloledwa kuona. Kapisozi wa mlenje mwiniwake, chikwama chake ndi uta wake siziyenera kukhalamo. Zikakhalamo, mzere umagunda mwini wake n'kunena kuti nthaka ili pa msinkhu wa bondo, ndipo mwendo umakwinyikira m'mwamba. Udzu ndi masamba nazonso zichotsedwe, apo ayi mlenje aziponda pansonga pa udzu. Palinso msampha wa masitepe. Opanga magemu ambiri amabisa thabwa losaoneka lopendekeka pamwamba pa masitepe kuti kapisozi azikwera mosadumphadumpha. Kapisozi ayende pa thabwalo, koma mzere wa mapazi uone masitepe enieniwo, chifukwa ukaona thabwa mapazi aziponda mphepo pakati pa sitepe ndi inzake.

Chachiwiri: kutsitsa chiuno

Tili ndi manambala awiri: kumanzere 12 kukwera, kumanja 8 kutsika. Tiyeni tione chochitika tikangowapereka ku miyendo osakhudza chiuno. Mwendo wamanzere uyenera kufupika kuchoka pa 85 kufika pa 73, zomwe n'zotheka popinda bondo. Wamanja uyenera kutalika kuchoka pa 85 kufika pa 93. Koma mwendo wonse ndi 87 basi. Uwongoka ngati ndodo, phazi n'kutsalabe masentimita 6 m'malere. Masamu a IK alibe mlandu apa. Apatsidwa malo amene mwendo sungafikepo.

Mankhwala ake ndi kutsitsa chiuno ndi muyezo wa phazi lomwe lili m'munsi. Timayerekeza manambala awiriwo, n'kutenga lotsikitsitsa, ndipo thupi lonse lakumtunda limatsika masentimita 8. Mu Unity timasintha anim.bodyPosition m'kati mwa OnAnimatorIK momwemo. Tsopano mwendo wamanja wabwerera pa 85, monga momwe katswiri anaukonzera. Wamanzere wafupika ndi masentimita 20, kutanthauza 12 a thanthwe ndi 8 a chiuno, ndipo wafika pa 65. Mwendo ungathe kufupika kwambiri koma sungatalike, n'chifukwa chake chiuno chimamvera phazi lam'munsi osati lam'mwamba.

Kutsikaku kukhale ndi malire. Mlenje akaima m'mphepete mwa chiphompho, phazi limodzi litatulukira kunja, mzere ukhoza kupeza nthaka masentimita 45 pansi. Chiuno chikatsatira, munthu anjuta mwadzidzidzi popanda chifukwa. Sankhani malire ogwirizana ndi msinkhu wa munthu wanu, mwina masentimita 30 kwa mlenje wathu. Nthaka ikatsika kuposa apo, kapena mzere ukapanda kugunda kanthu, phazi limenelo lisiyidwe monga kayendedwe kanalisiyira. Onetsetsaninso kuti kamera yamangiriridwa ku kapisozi osati ku fupa la chiuno kapena la mutu, chifukwa chiuno tsopano chizikwera ndi kutsika pa kamwala kalikonse, ndipo wosewera adzachita chizungulire.

Chachitatu: kupinda bondo

Apa ndiye pali IK yeniyeni, ndipo masamu ake ndi a ku sekondale. Ntchafu, msongolo ndi mzere wochoka m'chiuno kufika m'kakolo zimapanga chinthu cha makona atatu. Mbali zonse zitatu tikuzidziwa, choncho lamulo la kosaini limatipatsa kona ya pabondo. Tikatcha ntchafu a, msongolo b, mtunda d, ndi kona ya pabondo K:

```
cos K = (a² + b² − d²) / (2ab)
cos K = (45² + 42² − 65²) / (2 × 45 × 42) = −0.115
K ≈ 97°
```

Mwendo wowongoka umakhala ndi madigiri 180 pabondo. Mwendo wamanja, wa 85, uli pa madigiri pafupifupi 155. Wamanzere watsika kufika pa 97, ndiye kuti wapindika pafupifupi mmene bondo limakhalira munthu akakhala pa mpando. Lamulo lomwelo limatiuzanso kuti ntchafu ipatuke madigiri pafupifupi 40 kuchoka pa mzere wa chiuno ndi kakolo. Kuwerengeraku kumachitika kamodzi, kopanda kuyesayesa, n'chifukwa chake sikulemetsa makina. Mu Unreal Engine chida chochita zimenezi chimatchedwa Two Bone IK, ndipo Unity ili ndi chofanana nacho chotchedwa Two Bone IK Constraint.

Pali funso limene makona atatuwo sayankha. Chiuno chili pamalo pake, kakolo ali pamalo pake, koma bondo likhoza kuloza kutsogolo, kumbali kapena kumbuyo, utali wa mafupa n'kukhalabe womwewo. Choncho timaika kadontho kena kosaoneka kouza bondo koloza. Mu Unity lamulo lake ndi SetIKHintPosition, ndipo mu Unreal ndi Joint Target Location. Kadonthoka kakhale kutsogolo kwa bondo, patali pang'ono, tinene theka la mita, ndipo kazitembenuka limodzi ndi munthuyo. Kakamangiriridwa ku dziko osati ku munthu, mlenje akatembenuka mawondo amatsalira akuloza kumene anachokera. Kakayandikira kwambiri mzere wa chiuno ndi kakolo, bondo limazungulira uku ndi uku pa kusuntha kochepa.

Vuto lina lobisika lili kumapeto kwa mwendo. Tibwerere ku lamulo lija. Mtunda ukasintha kuchoka pa 65 kufika pa 66, kona ya pabondo imasintha ndi madigiri awiri okha. Koma ukasintha kuchoka pa 86 kufika pa 87, kona imalumpha kuchoka pa madigiri pafupifupi 163 kufika pa 180. Sentimita imodzi yomweyo yabweretsa madigiri 17. N'chifukwa chake bondo limaoneka likudumpha mwadzidzidzi mwendo ukatsala pang'ono kuwongoka, makamaka potsika phiri. Pochepetsa vutoli, d asaloledwe kufika pa 87. Akamayandikira, tinene kuyambira pa 84, kukula kwake kuzichepetsedwa pang'onopang'ono kuti asagunde malire mwamphamvu. Kuletsa d kupitirira utali wa mwendo kumatetezanso masamu: kosaini sangatsike kupitirira −1, ndipo kompyuta ikafunsidwa kona ya nambala yotero imabweza NaN, mwendo n'kusowa pa sikirini.

Chachinayi: kupendeketsa phazi

Kakolo wafika pamalo pake, koma phazi likadali lathyathyathya ngati lili pa simenti yosalala. Pa chitunda cha madigiri 20, zala zimene zili masentimita 18 kutsogolo kwa kakolo zimalowa m'nthaka masentimita oposa 6 pokwera, ndipo potsika zimayandama ndi muyezo womwewo. Mwamwayi mzere wofufuza uja subweretsa malo okha. Umabweretsanso kamuvi kosonyeza kumene nthaka yayang'ana, kotchedwa hit.normal. Pamalo osalala kamuvika kamaloza m'mwamba ndendende, pa chitunda kamapendekeka. Timawerengera kupendekekako ndi Quaternion.FromToRotation(Vector3.up, hit.normal), n'kukuwonjezera pa mmene phazi linalili kale. Apanso lamulo ndi lomwe lija: kuwonjezera, osati kufufuta. Mukafufuta, mumataya kaponde ka chidendene kenako zala, komanso kumene phazi linaloza.

Kakolo wa munthu ali ndi malire, ndipo amapindika kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo kusiyana ndi chammbali. Ikani malire, mwina madigiri 30 kutsogolo ndi kumbuyo, ndi ochepera apo chammbali. Popanda malire, mzere ukagunda m'mbali mwa mwala, kamuvi kamaloza chopingasa, phazi n'kumata pa mwalawo ngati lathyoka. Pa nthaka ya miyala yambiri kamuvi kamodzi kamanama kawirikawiri, chifukwa kamanena za kachidutswa kakang'ono kamene mzere wagunda. Ndi bwino kuponya mizere iwiri pa phazi lililonse, wina pa chidendene, wina pa zala, n'kupeza kupendekeka poyerekeza misinkhu iwiriyo.

Chachisanu: kuligwira phazi

Zonse tafotokozazi zikukonza msinkhu ndi kupendekeka. Sizinakhudze kuterereka. Kuterereka kumabwera pamene liwiro la kapisozi silikugwirizana ndi liwiro la miyendo. Tinene kayendedwe kanajambulidwa munthu akuyenda mamita 1.4 pa sekondi, koma wopanga gemu waona kuti n'kochedwa ndipo wakweza kapisozi kufika pa mamita 1.6. Phazi loponda pansi likukokedwa masentimita 20 pa sekondi iliyonse. Poyenda, phazi limakhala pansi kwa masekondi pafupifupi 0.6, choncho pa kuponda kulikonse limatsetsereka masentimita 12. Diso limaona zimenezi msanga, makamaka pa nthaka ya miyala yomwe ili ndi zizindikiro zoyerekezera.

Choyamba kuchita ndi kugwirizanitsa maliwirowo. Kayendedwe kaseweredwe mofulumira pang'ono, 1.6 kugawa ndi 1.4, ndiye kuti pafupifupi 1.14, kapena liwiro la kapisozi lichokere ku kayendedwe komweko. Kugwira phazi ndi kochotsera zotsalira zokha, monga pokhota ndi poima. Mukakugwiritsa ntchito pobisa kusiyana kwakukulu, mwendo uzikokeka mpaka kuwongoka pa sitepe iliyonse, ndipo kudumpha kwa bondo kuja kuzibwera.

Kuti phazi ligwiridwe, kompyuta iyenera kudziwa nthawi imene laponda. Njira yodalirika ndi kulemba m'kayendedwe momwemo nambala ya phazi lililonse yoyenda pakati pa 0 ndi 1: ikhale 1 phazi likaponda, itsike kufika pa 0 likamanyamuka. Ena amailemba pamanja, ena amaipeza poyang'ana nthawi imene phazi lili pafupi ndi nthaka ndipo silikusuntha. Nambalayo ikakwera, timasunga malo amene phazi lili, n'kumapatsa IK malo omwewo thupi likupitirira kutsogolo. Ikatsika, timalimasula pang'onopang'ono, mwina kwa masekondi 0.15, kuti likakumane ndi kayendedwe kake.

Pakhalenso njira yachiwiri yomasulira. Wosewera akhoza kutembenuza mlenje ali chiimire, kapena mdani akhoza kumukankha. Phazi likakanirira, miyendo imapiringizana. Choncho malo osungidwa akatalikirana ndi pamene kayendedwe kakufuna phazi, tinene ndi masentimita 20, kapena kona ikasiyana kwambiri, phazi limasulidwe n'kupondanso pena, ndipo ndi bwino linyamuke pang'ono posamukapo. Munthu akaima pa chinthu choyenda, monga bwato kapena chikepe, malo a phazi asungidwe moyerekeza ndi bwatolo osati ndi dziko. Mukalakwitsa apa, bwato limapita, mapazi n'kutsala padoko.

Kufewetsa kusintha

Gemu yoyenda bwino imajambula zithunzi 60 pa sekondi, ndipo mizere yofufuza imaponyedwa pa chithunzi chilichonse. Phazi likamadutsa m'mphepete mwa sitepe, mzere umati nthaka ili pa 0, chithunzi chotsatira n'kuti ili pa 18. Phazi ndi chiuno zikamvera nthawi yomweyo, munthu amagwedezeka. Choncho nambala imene tikugwiritsa ntchito iziyandikira nambala yatsopano pang'onopang'ono:

```csharp
float t = 1f - Mathf.Exp(-k * Time.deltaTime);
current = Mathf.Lerp(current, target, t);
```

Tikaika k pa 12, pa zithunzi 60 pa sekondi mtunda wotsala umachepa ndi magawo 18 pa 100 pa chithunzi chilichonse, ndipo pakatha masekondi 0.25 magawo 95 pa 100 amakhala atatha. Kalembedwe kameneka kamapereka liwiro lofanana pa foni yochedwa ndi pa kompyuta yamphamvu, pamene nambala yokhazikika ngati 0.2 pa chithunzi chilichonse imachedwa kuwirikiza kawiri pa makina ojambula zithunzi 30 zokha. Mapazi afunika k wamkulu kuti asachedwe kuthawa mwala. Chiuno chifunika k wocheperako kuti thupi lioneke lolemera, koma akachepetsetsa phazi lam'munsi limayandama kanthawi potsika masitepe. Kunjenjemera kwa m'mphepete kumachepanso mukaponya kampira m'malo mwa mzere woonda, pogwiritsa ntchito Physics.SphereCast, chifukwa kampira ka masentimita ochepa sikagwera m'ming'alu ndipo kamakhudza mphepete mwa sitepe kasanafikepo.

Mphamvu ya IK nayo izikwera ndi kutsika mofewa. Nambala 1f ija ya SetIKPositionWeight itsike kufika pa 0 mlenje akadumpha, akamasambira kapena akagwa, ndipo ikwere akatera. Ikasiyidwa pa 1 podumpha, miyendo imatambasukira pansi kufunafuna nthaka imene yatsala.

Kudziwa pamene palakwika

Pafupifupi vuto lililonse limadziulula lokha ngati mwajambula zimene kompyuta ikuona. Lamulo la Debug.DrawRay limaonetsa mizere yofufuza, ndipo mukaika Time.timeScale pa 0.1 zonse zimayenda mwapang'onopang'ono kakhumi. Yang'anani zinthu ziwiri padera: kadontho kosonyeza pamene phazi likufunidwa, ndi phazi lenilenilo. Kadontho kakakhala pamalo polakwika, vuto lili m'kufufuza nthaka. Kadontho kakakhala pabwino koma phazi silikufikapo, vuto lili m'chiuno kapena m'mphamvu ya IK. Zonse zikakhala pabwino koma mwendo ukuoneka wopotoka, vuto lili pa kadontho kolozera bondo.

Pali matenda amodzi amene amazunguza mutu chifukwa amayamba pang'onopang'ono: munthu ataima chilili amamira m'nthaka, kapena phazi limatsetsereka lokha kutsika chitunda. Gwero lake ndi kuwerengera kuchokera pa zotsatira za chithunzi chapita m'malo mwa kayendedwe koyambirira. Masentimita 8 a chiuno amachotsedwa pa chithunzi chino, kenako enanso 8 pa chotsatira, osalekeza. Chithunzi chilichonse chiziyamba ndi mafupa ali monga katswiri anawaikira, ndipo IK ibwere pambuyo pake.

Musayesere pa dziko lalikulu la gemu yanu. Mangani kabwalo kakang'ono kokhala ndi zitunda za madigiri 10, 20 ndi 35, masitepe a masentimita 18, mulu wa miyala, mphepete mwa chiphompho ndi thabwa loyenda. Pa chilichonse imani, yendani, thamangani, tembenukani muli chiimire. Mukasintha nambala imodzi, dutsaninso kabwalo konse, chifukwa nambala yokonza masitepe kawirikawiri imasokoneza miyala.

Pamene njirayi imalekezera

Njira imeneyi imakonza kayendedwe kamene kalipo kale, siipanga katsopano. Munthu wokwera chitunda cha madigiri 35 amawerama, amafupikitsa masitepe, amaponda ndi zala. Mlenje wathu ndi IK yokha aziponda bwino pansi, koma kumtunda kwa thupi aziyenda ngati ali pa msewu wa tala. Pamalo otere pamafunika kayendedwe kapadera kokwera ndi kotsika, IK n'kumangomalizitsa masentimita otsala.

Malire ena ndi akuti mzere umaona nthaka ya pansi pa phazi pa nthawi imeneyo yokha, osati ya kutsogolo. Pothamanga kukwera masitepe, chala chimalowa m'mphepete mwa sitepe mzere usanaione, ndipo kufewetsa kuja kumawonjezera kuchedwa. Magemu akuluakulu amathana nazo polosera: phazi likangonyamuka, amawerengera pamene lidzatere potengera liwiro la munthu ndi nthawi yotsala, amafufuza nthaka ya pamenepo ndi ya m'njira, n'kukweza njira ya phazi kuti lidumphe chopinga. Amathanso kusuntha malo oterapo pang'ono kuti phazi lonse likhale pa sitepe, osati theka lokha. Njira yolosera imafuna mizere yambiri ndi kayendedwe kolembedwa bwino nthawi yoponda, n'chifukwa chake opanga magemu amaisungira munthu wa wosewera ndi amene ali pafupi ndi kamera. Kwa anthu akutali, amene mapazi awo ndi timadontho pa sikirini, IK imazimitsidwa, ndipo nthawi ya makina imapita ku ntchito zina.